Tisapemphe Ntchito, Tipemphe Mphindi 20

Pa tchuthi chapitachi, ife atatu amene tikuphunzira zauphunzitsi tinakwera minibasi ku Old Town m'mawa wa Lolemba, ulendo wa ku Capital Hill. Tinavala bwino, nsapato zopolishidwa, aliyense atanyamula envulopu yake ya khaki. Tinkapita kwa bambo ena amene timapemphera nawo, omwe atumikira zaka zambiri mu ofesi ina ya boma. Tinali titawagwira pakhomo pa tchalitchi Sabata lapitalo, iwo n'kutiyankha kuti, "Mudzandipeze ku ofesi." Sanatchule tsiku, ifenso sitinafunse. Tinakhala pabenchi kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa litafika pamutu. Atatulukira anatipatsa moni mwansangala, maso awo n'kugwera pa maenvulopu aja, ndipo anati, "Ana anga, pakadali pano malo palibe. Mapepalawo siyirani asekilitale." Tinathokoza, tinasiya mapepala, tinatuluka.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ntchito sitinkaifuna n'komwe. Tikadali pasukulu, digiri ili kutali. Tinkafuna kudziwa mmene munthu wophunzira zauphunzitsi amayendera akatuluka pageti pa koleji, koma sitinanene zimenezo. Bambowo sanalakwe chilichonse. Anaona achinyamata atatu ndi maenvulopu atatu, ndipo anayankha funso limene achinyamata a maenvulopu amafunsa tsiku ndi tsiku.

Maganizo athu ndi awa. Pali kucheza kwina kumene ophunzirafe sitinazolowere kupempha, kumene kuli kukhala pansi ndi munthu amene akugwira kale ntchito imene tikuilakalaka, n'kumufunsa za ntchitoyo basi. Si intaviyu ya ntchito ayi, chifukwa wofunsa mafunso ndife, ndipo pamapeto pake palibe wolembedwa. Ku America njira imeneyi inatchuka ndi buku la Richard Bolles lolangiza ofuna ntchito, lomwe linatuluka koyamba mu 1970. Kwathu kuno nzeruyi si yachilendo, pajatu timati safunsa anadya phula. Chachilendo n'choti mu mzinda ngati Lilongwe kufunsako kuli ndi mtengo, ndipo amene amalipira mtengowo ndi wofunsidwayo. Amalipira ndi nthawi yake. Ndiye tikunena kuti pempho lotere limayenda pokhapokha ngati tanena poyera kuti sitikupempha ntchito, tatchula mphindi zimene tikufuna, ndipo tazisunga mphindizo ngati ngongole.

Tiyambe ndi chifukwa chake munthu wa mu ofesi amachita mantha akaona wachinyamata. Aliyense amene ali pantchito yooneka mumzinda muno ali ndi mzere wa anthu kumbuyo kwake: mwana wa achemwali, mphwake wa mkazi wake, wa kwawo kumudzi, wa kutchalitchi. Onsewa amayamba ndi mawu amodzimodzi, akuti, "Ndimafuna ndikuoneni." Mawu amenewa sanena chilichonse, choncho womvayo amadzaza yekha: fizi, thiransipoti kapena ntchito. Pamene sangathe kupereka chimodzi mwa zitatuzi, ndipo mwambo sumulola kukana mwachindunji, amathawira ku mawu ofewa aja tonse timawadziwa, "tionana," "ndikuimbirani," "mudzandipeze." Ife timabwerera kunyumba tikuti akuluakulu ndi odzikonda, pamene iwo amangodziteteza ku pempho limene sitinapemphe n'komwe.

N'chifukwa chake chiganizo chofunika kwambiri mu uthenga wonse ndi chija chochotsa mantha. Patatha milungu iwiri tinayesanso, ulendo uno kwa mayi ena amene anaphunzitsapo kusekondale ndipo tsopano amayang'anira ntchito za maphunziro m'bungwe lina lomwe si la boma, kumayadi. Mphunzitsi wathu wina wakale ndiye anatipatsa nambala yawo, atayamba wawafunsa eni ake ngati angatero. Ichi n'chofunika: nambala yongotola pagulu la WhatsApp imakufikitsa ngati mlendo wolowera pazenera. Uthenga umene tinalemba unali wotere:

"Mwaswera bwanji mayi. Ndife ophunzira atatu a zauphunzitsi, chaka chachiwiri. Nambala yanu atipatsa ndi aphunzitsi athu akale amene anakuuzani za ife sabata yatha. Sitikupempha ntchito kapena thandizo la ndalama. Tikufuna kumva mmene munachokera m'kalasi kufika pa ntchito imene mukugwirayi, kuti tidziwe zoyenera kukonzekera tikadali pasukulu. Tikupempha mphindi 20 zokha, ku ofesi kwanu kapena pafoni, tsiku ndi nthawi imene ingakukomereni m'milungu iwiri ikubwerayi. Ngati nthawi ikuvuta, tidzamvetsa. Zikomo kwambiri."

Mnzathu wina anadandaula kuti uthengawu ndi wouma, kuti mwana wolongosoka sayamba n'kutchula mphindi kwa munthu wamkulu. Iye ankafuna tilembe kaye "Mwaswera bwanji mayi," tidikire ayankhe, kenako tifunse za kunyumba, kenako tilowe m'nkhani pang'onopang'ono. Tinakangana kwa kanthawi. Tikumvetsa kumene maganizo amenewa akuchokera, chifukwa ndi mmene tinaleredwera. Koma taganizani za munthu amene ali pakati pa misonkhano iwiri, foni ikulira, waona moni wochokera ku nambala yachilendo. Akayankha, sakudziwa chimene watsegulira chitseko. Ambiri amangousiya moniwo. Uthenga umodzi wokhala ndi zonse, moni, ndife yani, watituma ndani, tikufuna chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, umamulola kuganiza kamodzi n'kuyankha kamodzi. Moni ulimo ndithu, sitinautaye. Tangokana kuusandutsa msampha.

Chiganizo chomaliza chija, chakuti tidzamvetsa ngati nthawi ikuvuta, ena amachiona ngati kudzigwetsa wekha. Ife tikuona kuti ndi chimene chimapangitsa "inde" kukhala weniweni. Munthu ukamupatsa khomo lotulukira mwaulemu, akavomera ndiye kuti wavomeradi, osati wangochita manyazi. Ndipo pali zinthu zina zimene sitichita ngakhale mayunitsi atavuta chotani. Sitifulasha munthu amene tikumupempha chisomo. Sititumiza mawu ojambula a mphindi zinayi kuti akhale pansi azimvetsera. Sitiimba usiku pamene ali ndi banja lake. Akapanda kuyankha, timadikira sabata yathunthu n'kukumbutsa kamodzi, mwachidule. Akakhalanso chete, yankho ndi limenelo, ndipo tikakumana nawo kwina timawapatsa moni bwinobwino osakumbutsa nkhaniyo.

Apa tilankhulepo za pakhomo pa tchalitchi, popeza ndi pamene ambirife timakumana ndi anthu oterewa. M'mipingo ya mumzinda muno timakhala pabenchi limodzi ndi anamwino, akuluakulu a m'maunduna, ahedi ndi owerengera ndalama, ndipo ndi mwayi waukulu. Koma munthu amene wagwira ntchito sabata yonse wabwera kudzapuma ndi kupembedza. Kumutsekera njira pamene akupita ku galimoto, ana ake akumudikira, n'kuyamba kumufotokozera za tsogolo lathu, n'kumulanda tsiku limene tonse timati si la malonda. Chokwanira ndi kupereka moni, kudzitchula, n'kufunsa ngati tingawalembere uthenga mkati mwa sabata. Zina zonse zidikire. Ife tinalakwa pomwepa ndi bambo aja, ndipo "mudzandipeze" wawo unali njira yaulemu yotiuza kuti pano si malo ake.

Mayi aja anayankha tsiku lotsatira: Lachitatu, 10 koloko m'mawa. Tsopano mvetserani za Lilongwe, chifukwa kusunga nthawi mumzinda uno si nkhani ya mtima wabwino wokha, ndi nkhani yodziwa mmene mzindawu unamangidwira. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, mzinda watsopano sunamangidwe pamwamba pa wakale. Old Town, kumene kuli msika waukulu, depoti ndi mashopu a mumsewu wa Malangalanga, inatsala kummwera. City Centre ndi Capital Hill zinamangidwa makilomita angapo kumpoto, ndipo pakati pake pali nkhalango imene msewu umadutsa. Ambirife tikabwera mumzinda timatsikira ku Old Town, pamene anthu amene tikuwafunawo ali mbali inayo. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ndipo kondakitala sadziwa kuti wina ali ndi 10 koloko yake. Ukawerengera nthawi ya pamsewu yokha, osawerengera yodikira kuti mipando idzaze, wachedwa kale usananyamuke.

Kumayadi ndiye kuli vuto lake lina. M'madera ngati Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 3, mabungwe ambiri amachita lendi nyumba zogonamo n'kuzisandutsa maofesi. Kunja ukuona mpanda wautali ndi geti, ndipo chikwangwani chimakhala chaching'ono, mwina palibiretu. Minibasi imakusiya pamsewu waukulu, kotsalako ndi kwa miyendo kapena kabaza. Nambala ya puloti imathandiza pang'ono pokha, chifukwa ukakhala mlendo sudziwa kuti manambalawo akulowera mbali iti, ndipo mumsewu simukhala anthu ambiri oti uwafunse ngati ku Kawale kapena ku Area 25. Ife tinapempha mayiwo kuti atitumizire malo a ofesi pa mapu a pafoni, ndipo mmodzi wa ife anapitako dzulo lake kukaona getiyo ndi maso. Zikuoneka ngati kutaya thiransipoti. Koma ukaimbira munthu katatu uli panjira kumufunsa kuti "tikhotere kuti," mphindi zako 20 wazidya kale usanalowe.

Tinafika pageti patatsala mphindi 15. Alonda anatifunsa amene tikufuna, anaona ziphaso zathu za unzika, natilembetsa m'buku la alendo. Zimenezi zimatenga nthawi, makamaka m'maofesi a boma ndi a mabungwe akuluakulu, choncho chiphaso chisatsale kunyumba. Ndipo alonda ndi asekilitale tisawaone ngati zopinga. Iwo ndi amene amadziwa ngati bwana alipo, ngati tsiku lawayendera bwino, ngati msonkhano watalika. Tinawapatsa moni wathunthu, chifukwa iwo ndiwo ofesiyo imene tabwera kudzaiphunzira. Kufika msanga kwambiri nakonso si ulemu: ukafika ola lathunthu nthawi isanakwane n'kuuza asekilitale kuti akanene, wamuika munthu pa chikakamizo choti asiye zimene akuchita. Bola kudikira kunja.

Za tsiku, tinaphunzira movutikira kuti Lolemba m'mawa maofesi ambiri amakhala pa misonkhano yokonza za sabata, ndipo Lachisanu masana anthu amakhala akumalizitsa kapena atachoka kale. Pakati pa sabata ndiye pabwino. Koma wosankha ndi mwini nthawi, osati ife.

Nanga m'mphindi 20 mumalowa chiyani? Zochepa kuposa mmene timaganizira. Moni ndi kudzitchula zimatenga ziwiri kapena zitatu. Kutsanzikana ndi kuthokoza zimatenganso ziwiri. Zotsala ndi pafupifupi 15, ndipo munthu amene akuyankha mochokera pansi pa mtima amatenga mphindi zitatu kapena zinayi pa funso limodzi. Ndiye kuti mafunso ndi anayi, akachuluka asanu. Ife poyamba tinalemba 14. Usiku wa Lachiwiri tinakhala pansi n'kuyamba kudula, ndipo muyeso wathu unali umodzi: kodi funso ili angayankhe ndi mayi okhawa, kapena yankho lake lili kale poyera? "Bungwe lanu limachita chiyani?" tinalidula, chifukwa zimenezo zalembedwa pa tsamba lawo la pa intaneti, ndipo kufunsa zotero n'kuulula kuti sitinakonzekere. "Mungatilangize chiyani ife achinyamata?" tinalidulanso. Funso limeneli limamveka laulemu, koma yankho lake timalidziwa tonse: limbikirani sukulu, khalani odzichepetsa. Ndi zoona, koma sitinakwerere minibasi ziwiri kuti tikamve zimene amayi athu amatiuza kwaulere.

Funso lathu loyamba linali lakuti, "Mutamaliza maphunziro, ntchito yanu yoyamba munaipeza bwanji, ndipo m'miyezi yodikirayo munkachita chiyani?" Tinalisankha chifukwa munthu akafunsidwa za mbiri yake amakonda kudumpha zaka zovuta, pamene ife zaka zovutazo ndi zimene zili patsogolo pathu. Mayiwo anaseka, n'kutiuza kuti anayamba ndi kuphunzitsa pa sukulu ina yapulaiveti ya malipiro ochepa, kenako boma linawatumiza ku sekondale yoyendera ya kumudzi, kumene anakhala zaka zingapo. Sanabise kuti panthawiyo ankaona ngati aiwalidwa.

Lachiwiri ndi limene linatipindulira koposa: "Dzulo, kuyambira pamene munalowa mu ofesi mpaka poweruka, munagwira chiyani?" Funso ili limamuchotsa munthu pa dzina la udindo n'kumutsitsira pa ntchito yeniyeni. Ife tinkaganiza kuti munthu wa zamaphunziro m'bungwe amakhalira kuyendera sukulu ndi kucheza ndi ana. Iwo anati m'mawa wonse anali pa kompyuta, kuyerekeza manambala a ana olembetsa ndi a ana amene amabweradi m'kalasi, ochokera kusukulu zimene amagwira nazo ntchito, chifukwa manambalawo sankagwirizana. Masana analemba lipoti lopita kwa opereka ndalama, kenako anaimbira ofesi ya maphunziro ya m'boma lina kukonza za maphunziro a aphunzitsi. Kusukulu amapitako masiku ochepa pamwezi. Mnzathu mmodzi, amene ankalota ntchito ya m'bungwe chifukwa cha galimoto zoyera zija, anatuluka akunena kuti iye bola choko. Ameneyo anapindula kuposa tonse, chifukwa anadziwa zimene sakufuna asanatayepo zaka.

Lachitatu tinafunsa kuti, "Achinyamata amene angotuluka kumene kukoleji akabwera kudzagwira nanu ntchito, chimene chimawavuta kawirikawiri n'chiyani?" Onani kuti sitinafunse kuti amafuna munthu wotani, chifukwa pamenepo akanatiwerengera mndandanda wa makhalidwe abwino. Tinafunsa za cholephera. Anayankha mosazengereza kuti ndi kulemba: tsamba limodzi lofotokoza zimene zinachitika, kwa ndani, ndi zotsatira zake, popanda mawu okuluwika. Anawonjeza kuti ambiri sadziwa kusanja manambala pa Excel. Kenako anatiuza chinthu chimene sitikanachipeza m'buku lililonse la kukoleji. Anati chimene chinawatulutsa kusukulu ya kumudzi ija si digiri yachiwiri, koma kabuku kamene ankalembamo zotsatira za ana awo teremu ndi teremu, ndi zimene anasintha pa kaphunzitsidwe akaona kuti ana agwa. Pa intaviyu anzawo ankanena kuti amakonda ana, iwo anatulutsa umboni. Anatilangiza kuti tikapita kokaphunzitsa moyeserera tikayambe kabuku kotere tsiku loyamba lomwe.

Funso lomaliza ndi lija siliyenera kusowa: "Kodi alipo wina amene mukuona kuti tingaphunzireko kwa iye, ndipo tingatchule dzina lanu powalembera?" Mbali yachiwiriyo ndi yofunika ngati yoyamba. Dzina la munthu ndi chuma chake, sitiligwiritsa ntchito osapempha. Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu, Mark Granovetter, anaonetsa m'kafukufuku amene anafalitsa mu 1973 kuti anthu ambiri amene anapeza ntchito kudzera mwa munthu wina anaimva kwa anthu amene sankaonana nawo kawirikawiri, osati kwa anzawo apamtima. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Anzathu apamtima amadziwa zomwe ifenso tikudziwa, amayenda m'njira zomwezo. Nkhani yatsopano imabwera ndi munthu wapatali pang'ono. Mayiwo anatitchulira anthu awiri: mphunzitsi wa aphunzitsi ndi wina amene amayendera sukulu.

Pali mafunso amene tinawasiya dala. Malipiro awo sitinafunse, ngakhale kuti tonse tinkafuna kudziwa. Ngati nkhani ya ndalama ikufunikadi, njira yake ndi kufunsa za woyamba kumene ntchito, osati za iwo: kodi wongoyamba angathe kulipira lendi mumzinda muno ndi malipiro ake? Za ndale, za mabwana awo, za mikangano ya mu ofesi, sitinakhudze. Ndipo funso lija limene linali pakamwa pa aliyense, lakuti "nanga pano malo sangapezeke?", tinagwirizana tisanalowe kuti wolifunsa adzalipira thiransipoti ya tonse. Tinalonjeza mu uthenga kuti sitikupempha ntchito. Kulitulutsa pamapeto n'kumuuza munthu kuti zonse zija zinali nyambo, ndipo akatero sadzatsegulanso chitseko kwa wophunzira wina wochokera kumene tachokera ife. Maenvulopu a khaki aja tinawasiya kunyumba. Tinatenga kope ndi cholembera basi, ndipo tinapempha kaye tisanayambe kulemba. Kujambula mawu pafoni mobisa ndiye kusayese n'komwe.

Tsopano tifike pamene pali povuta penipeni, pamene mwambo wathu ndi wotchi zimakokana. Tinakula tikudziwa kuti mwana sadula mawu a wamkulu, ndipo sanyamuka asanauzidwe. Nayenso wamkulu waulemu sathamangitsa mlendo. Ndiye onani zimene zimachitika: ife tikudikira kuti atimasule, iwo akudikira kuti titsanzike, mphindi 20 zasanduka ola, ndipo lipoti lawo lija adzalimaliza usiku kunyumba. Aliyense wasunga mwambo, koma wina waluza. Ife tikuti udindo wotseka ndi wa amene anapempha. Mphindi 18 zitakwana, mnzathu amene tinamupatsa ntchito yoyang'ana nthawi anadikira kuti mayiwo amalize chiganizo, n'kunena kuti, "Mayi, tinapempha mphindi 20 ndipo zatsala pang'ono kukwana. Sitikufuna kukudyerani nthawi." Sanaimirire, sanatseke kope mwaphokoso. Anangobweza chiganizo m'manja mwa mwini wake. Mayiwo anayang'ana wotchi, n'kunena kuti ali ndi mphindi zina khumi. Mphindi khumi zimenezo anatipatsa okha, sitinawabere, ndipo m'menemo ndi mmene anatiuza za kabuku kaja mwatsatanetsatane.

Sikuti nthawi zonse zimatha chonchi. Munthu akayamba kuyankha ndi mawu amodziamodzi, maso ali pa foni kapena pa chitseko, akayamba kusonkhanitsa mapepala patebulo, nthawi yatha ngakhale wotchi ikunena zina. Pamenepo timalumphira ku funso lomaliza n'kuthokoza. Akanena kuti "tumizani mapepala anu," pamene sitinapemphe, mwina akufunadi kuthandiza, mwinanso watimva ngati ofuna ntchito. Timathokoza, n'kubwereza mofatsa kuti lero tabwerera nzeru zokha. Ndipo akatiuza pageti kuti bwana atuluka mwadzidzidzi, sitikwiya. Ntchito yawo ndiyo imawalipira, osati ife. Timasiya uthenga waufupi wopempha tsiku lina, kamodzi.

Ena adzati zonsezi ndi dzina lokongola chabe la kudziwana kuja kumene kwawononga kalembedwe ka ntchito m'dziko muno, kumene mwana wa uje amalowa pakhomo la kuseri. Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo sitikuipeputsa. Koma kusiyana kulipo. Wa pakhomo la kuseri amapempha kuti amudumphitse mzere. Ife tikupempha kuti atiuze kumene mzere uli ndi zimene amafunsa kutsogoloko, kenako tikaime nawo ngati wina aliyense. Mwana wokulira ku Area 10, amene bambo ake amadya nsima ndi akuluakulu a m'maofesi, nzeru zimenezi amazimva patebulo osapempha. Amene tachokera kumidzi ndi m'makomboni tilibe tebulo limenelo. Kupempha mphindi 20 ndi njira yathu yokhalapo pang'ono. N'chifukwa chakenso sitinyamula mphatso. Kumudzi sitipita kwa wamkulu chimanjamanja, n'zoona, koma nkhuku kapena kathumba ka mtedza mu ofesi, makamaka ya boma, kamamuika munthu pamalo ovuta, chifukwa woona sangasiyanitse ndi chiphuphu.

Kwa asungwana anzathu tinene mosabisa. Kucheza kotere kumachitikira mu ofesi, nthawi ya ntchito, kapena pafoni. Munthu akasintha n'kunena kuti tikumane madzulo kumalo ogona alendo, kapena kuti abwere adzakutenge pa galimoto uli wekha, chimene akufuna si chimene unapempha. Palibe nzeru ya ntchito imene imaperekedwa usiku wokha. Kupita awiri kapena atatu kumathandiza, bola kunena chiwerengerocho mu uthenga kuti mwini ofesi asadzidzimuke, ndiponso kugwirizana kuti wofunsa akhale mmodzi kapena mosinthana mwadongosolo, osati onse pakamodzi.

Nanunso makolo athu mumpingo amene muli m'maofesi a ku City Centre ndi kumayadi, tili ndi pempho. Wophunzira akakulemberani momveka chonchi, muyankheni momvekanso. "Mwezi uno sindingathe" ndi yankho labwino, ndipo sitidzakwiya nalo. Limatipweteka ndi "mudzandipeze" wopanda tsiku, chifukwa kwa wophunzira amene wabwereka ndalama ya minibasi, ulendo wopita pachabe ndi chakudya cha tsiku limenelo. Ngati ofesi ili kutali, foni ya mphindi 15 ikukwana, ndipo woimba tikhale ife.

Madzulo a Lachitatu lomwelo tinatumiza uthenga wothokoza wa mizere itatu. Sitinangoti zikomo, tinatchula chinthu chimodzi chimene tatola, kabuku ka zotsatira za ana, kuti adziwe kuti mawu awo sanagwere pansi. Sitinawaike m'gulu lililonse la pafoni, sitinayambe kuwatumizira mauthenga a m'mawa uliwonse, ndipo nambala yawo sitinaipereke kwa anzathu amene anaipempha. Tinagwirizana kuti tidzawalemberanso kamodzi tikadzamaliza kuphunzitsa koyeserera, kuwauza mmene kabukuko kayendera.

Mwa anthu awiri amene anatitchulira, woyendera sukulu uja anatiyankha ndipo tinacheza naye pafoni mphindi 17. Mphunzitsi wa aphunzitsi uja tinamulembera, tinadikira sabata, tinakumbutsa kamodzi. Mpaka lero sanayankhe, ndipo tamusiya. Bambo a ku Capital Hill aja tawalembera uthenga watsopano, wopepesa chifukwa chowadzidzimutsa tsiku lija ndi wonena bwinobwino chimene tinkafuna. Atipatsa Lachinayi loyamba la tchuthi chikubwerachi, 2 koloko masana, ndipo atiuza kuti tikafike ndi ziphaso.